Bachi yanga yabwezedwa chifukwa cha zolakwa 3 zokha, amawerenga bwanji anthu owunikawa?

Tiya: Abale ndithandizeni maganizo ine ndakhumudwa heve. Sabata yathayi ndamaliza mafomu 600 pa mzere wanga, aja a kafukufuku wa ana osapitirira zaka 5, fomu iliyonse ili ndi mabokosi 40. Lero ripoti la owunika labwera, akuti atengapo mafomu 80 apezamo zolakwa 5 basi, 3 zikuluzikulu 2 zing'onozing'ono, nde bachi yonse yabwezedwa ndiyambirenso kuiona. Ine ndawerengera, 80 kuchulukitsa ndi 40 ndi mabokosi 3200, zolakwa 5 pa mabokosi 3200 ndiye kuti ndakhoza kupitirira 99.8 peresenti. Mnzanga amene timakhala desiki limodzi amupeza ndi zolakwa 7 koma yake yadutsa. Zikutheka bwanji zimenezi, 5 kugwa 7 kudutsa?

Achimwene a ku Ndirande: Nzokondera izo chemwali. Ine ndinagwirako ntchito ngati imeneyo, wowunika akakuda amachita kusankha mafomu amene akudziwa kuti ngovuta kuwerenga, aja olembedwa ndi pensulo ofufutikafufutika aja. Sangakupezere 3 mwangozi ayi

Tiya: Sindikufuna kuganiza choncho koma nde zikundivuta kumvetsa

Mayi Nachisale: Tiya mwanawe, usanayambe za kukondera tandiuza kaye, zolakwa 3 zikuluzikuluzo zili m'mabokosi ati, ndipo zili pa fomu imodzi kapena mafomu osiyana? Komanso za mnzakozo akuti nzotani? Ndikufunsa chifukwa ntchito yowunikayi ndaigwira nthawi yaitali ndipo manambala watchulawo, 600 ndi 80, ndikuwazindikira komwe achokera.

Tiya: Mafomu atatu osiyana mayi. Awiri ndi tsiku lobadwa la mwana, akuti mwezi ndi tsiku zasinthana. Inayo ndi funso lija loti mwana wadwala kutsegula m'mimba kangati, pa pepala panali posalembedwa ine ndinaika 0. Za mnzanga zonse 7 ndi masipelo a maina a midzi ndi zilembo zikuluzikulu pamene pamafunika zing'onozing'ono, zoterozo

Mayi Nachisale: Chabwino, nde zamveka. Choyamba, owunika ako sakuwerenga mabokosi ngati mmene wawerengera iwe. Akuwerenga mafomu. Fomu ikakhala ndi cholakwa chachikulu ngakhale chimodzi, fomu yonseyo amaiyesa yoipa, olo mabokosi 39 enawo akhale bwinobwino. Nde kwa iwo si 5 pa 3200, ndi mafomu 3 oipa pa mafomu 80, omwe ndi 3.75 peresenti. Ukaitengera peresenti imeneyo ku mafomu onse 600 ikukamba mafomu cha m'ma 22 amene mwina ali ndi vuto lalikulu, ndipo 19 mwa amenewo palibe wawaona.

Chifukwa chowerengera choncho nchakuti amene adzagwiritse ntchito detayo sagwiritsa bokosi palokha, amagwiritsa mwana yense. Tsiku lobadwa likalakwika, msinkhu wa mwana m'miyezi walakwika, ndipo sikelo yake amaiyerekeza ndi msinkhuwo kuti adziwe ngati akukula bwino. Tiyerekeze pa pepala palembedwa 02/11/2022, kutanthauza 2 Novembala, m'sisitimu mwalowa 11 Febuluwale. Mwana wamuwonjezera miyezi pafupifupi 9. Mwana wa miyezi 6 wolemera makilogalamu 7 ali bwino ndithu, koma makilogalamu 7 omwewo pa mwana wa miyezi 15 aoneka wonyentchera. Sikelo unalemba yolondola, dzina lolondola, mudzi wolondola, koma chomwe kafukufukuyo akufuna kudziwa pa mwana ameneyo chasokonekera. Pomwe mudzi ukalembedwa ndi chilembo chimodzi chophonya, wina aliyense akaona adziwa kuti ndi mudzi uti ndipo akonza osabwerera ku pepala.

Gift wa Deta: Apo mayi mwalasa. Ine ndimangoti cholakwa chachikulu ndi chija sungachione osatsegula pepala loyambirira. Sipelo yolakwika imadzionetsa yokha, deti yosinthana imaoneka ngati deti yabwinobwino

Mayi Nachisale: Eya Gift, chimenecho ndi chimodzi, china ndi choti chikusintha zotsatira kapena ayi. Zonse ziwiri zikakumana, chobisika komanso chosintha zotsatira, ndiye chachikulu chenicheni. Nambala ya fomu kapena ya mwana ili m'gulu lomwelo, ukasinthanitsa manambala awiri, 0417 nkukhala 0471, zonse za mwana uyu zapita kwa mwana wina.

Achimwene a ku Ndirande: Komabe mayi bwanji 80? Lamulo lake ndi 10 peresenti kulikonse, pa 600 amayenera kutenga 60. Kuwonjezera 20 ko nkufuna kumupezera chifukwa

Mayi Nachisale: Achimwene, 10 peresentiyo maofesi ambiri amaigwiritsadi ntchito, simukunama, koma si lamulo, ndi chizolowezi chabe chifukwa njosavuta kuikumbuka. 80 yo ikuoneka kuti yachokera mu tebulo la ISO 2859-1, lomwe analipangira katundu wa m'mafakitale ndipo linachokera ku ndondomeko ya asilikali a ku America yotchedwa MIL-STD-105. Mu tebulo limenelo, pa kaunikidwe ka masiku onse, bachi ya zinthu kuyambira 501 kufika 1200 sampulo yake ndi 80. Ikakhala ya 281 kufika 500 ndi 50, ya 1201 kufika 3200 ndi 125. Mukuona kuti sizikuyendera peresenti, wa mafomu 1200 naye amutengera 80 omwewo.

Kenako ofesi imasankha mlingo wa zolakwa umene ingaulole, umene amautcha AQL. Pa sampulo ya 80, akasankha 1.0 ndiye kuti mafomu oipa akafika 2 bachi idutsa, akafika 3 ibwerera. Akasankha 4.0 ndiye 7 idutsa, 8 ibwerera. Nde taonani nkhani ya Tiya. Zikuluzikulu 3, wagwa ndi imodzi yokha pamwamba pa malire. Mnzake zing'onozing'ono 7, wadutsa ali pa malire penipeni, imodzi yokha ikanawonjezekera nayenso akanabwezedwa. Sindinaone pepala la malamulo la ofesi yawo koma manambalawo akugwirizana ndendende ndi 1.0 pa zazikulu ndi 4.0 pa zazing'ono.

Tiya: Iiii nde mnzanga uja naye anapulumukira pa kaching'alu eti. Ndafunsa supavaiza pompano wati ndi tebulo lomwelo

Chisomo K: Pepani ndalowa mochedwa. Kwathu ku kolo senta amamvera makolo 5 pa sabata pa munthu aliyense ndipo ukaiwala kupereka moni ndi dzina lako amakudula mamalikisi 10, ine mwezi watha anandidula chifukwa kasitomala anayamba kukalipa ndisanamalize moni. Nde ndimati mwina Tiya naye apemphe amveretu rekodingi yake asanasaine

Tiya: Chisomo ife si mafoni ayi, ndi mafomu a pepala timalowetsa mu kompyuta

Chisomo K: Ooh pepani ndinamva ngati mzere wa makolo. Koma funso langa lilipobe, makolo 5 pa makolo mazanamazana amene ndimayankha pa sabata, angadziwe bwanji kuti ndimagwira bwino kapena ayi?

Mayi Nachisale: Funso la Chisomo ndi labwino ndipo likumukhudzanso Tiya. Yankho ndi loti pa sabata imodzi sangadziwe. Tiyerekeze munthu amalakwitsa ntchito 5 pa 100 iliyonse, zomwe ndi zambiri ndithu. Akamutengera 5 zokha, mwayi woti asapezemo kanthu ndi pafupifupi 77 peresenti. Akamutengera 20, mwayiwo ndi cha m'ma 36 peresenti, kutanthauza kuti kamodzi pa maulendo atatu munthuyo atuluka woyera ngati sanalakwepo. Nchifukwa chake sampulo yaing'ono imayamba kulankhula zomveka ukaiphatikiza masabata angapo, osati kuweruza munthu pa sabata imodzi.

Pali kamasamu kena kosavuta kamene ndimauza owunika atsopano. Ukaona ntchito zingapo osapezamo cholakwa ngakhale chimodzi, usanene kuti zolakwa palibe. Tenga 3 ugawe ndi nambala ya zomwe waonazo, yankholo ndiye pamene zolakwa zingathe kufika zikubisalabe. Waona 20 zonse zabwino, 3 kugawa ndi 20 ndi 15 peresenti. Waona 100, ndi 3 peresenti. Waona 300, ndi 1 peresenti. Nde wina akabwera kumati ndayang'ana 20 zonse zili bhobho, wangotsimikiza kuti zinthu sizinafike poipa kwambiri basi.

Gift wa Deta: Koma mayi zikatero nde sampulo ikhozanso kumulakwira munthu wabwino eti? Mwina Tiya pa 600 ponsepo zolakwa zinali zochepa zangopezeka kuti zagwera mu 80 mo

Mayi Nachisale: Zimatheka, ndipo tebulolo limavomereza zimenezo. Munthu amene mafomu ake oipa ndi 1 pa 100 enieni, pa ndondomeko ya 80 ndi malire a 2 yi adutsa pafupifupi maulendo 95 pa 100, enawo 5 abwezedwa popanda kuchimwa kuposa masiku onse. Mbali inayo ndiye yoopsa kwambiri kwa ofesi. Amene amalakwitsa 3 pa 100 adutsabe kupitirira theka la maulendo, ndipo wa 5 pa 100 adutsa pafupifupi kamodzi pa maulendo anayi. Nde ndondomeko imeneyi kwenikweni imakomera wolowetsa deta kuposa mmene anthu amaganizira. Ikakubweza nthawi zambiri pamakhala kanthu ndithu.

Ndipo pa Tiya chikundikayikitsa kuti ndi tsoka chabe ndi chakuti ziwiri mwa zitatuzo nzofanana, bokosi lomwelo, kulakwa kwa mtundu womwewo. Chala chikaterereka chimalakwitsa apa ndi apo mosiyanasiyana. Zikafanana chonchi wowunika wabwino amasiya kuwerenga, amayamba kufunsa kuti chachititsa nchiyani. Tiya, mafomu awiriwo unawalowetsa liti, ndipo pa makina ati?

Tiya: Dikirani ndione pa logi

Tiya: Onse awiri ndi a Lachitatu. Tsiku limenelo magetsi anathima ku ofesi netiweki panalibe, nde supavaiza anati tilembe kaye mu Excel tidzakweza mawa lake. Ine ndinabwereka laputopu ya msuweni wanga. Anali mafomu 50

Gift wa Deta: Basi ndi pamenepo! Laputopuyo ili pa madeti a chimereka, mwezi kutsogolo tsiku pambuyo. Ukalemba 02/11/2022 iyo imamva kuti Febuluwale 11 koma pa sikirini imakuonetsabe 2 kutsogolo 11 pambuyo nde iwe sungadziwe kuti chachitika chinachake. Ukalemba 25/04/2022 imaona kuti mwezi wa 25 kulibe nde imangoisiya ngati mawu wamba osati deti. Tsegula fayiloyo uone kolamu ya madeti, upeza ena akhala kumanja kwa kabokosi ena kumanzere. A kumanzerewo ndi mawu wamba, a kumanjawo ndi amene yawamva ngati madeti, ndipo ndi amenewo atembenuzidwa

Tiya: Mayo ine. Ndi zoona ndatsegula, ena ali kumanja ena kumanzere. Ndipo ndakumbuka pokweza paja sisitimu inakana mizere yambiri kuti deti siyikuwerengeka, ndinailembanso pamanja imeneyo, inayo inangolowa osadandaula

Gift wa Deta: Yomwe inalowa osadandaulayo ndiye yovutayo. Kuti utsimikize sankha kolamu yonse, pita pa Format Cells, Custom, ulembe izi

```
dd-mmm-yyyy
```

Ikuonetsa mwezi ndi dzina lake, nde uyerekeze ndi pepala. Kapena mu kolamu ina pambali ika izi uikokere pansi, ngati madeti ali mu D

```
=ISNUMBER(D2)
```

Paliponse patuluke TRUE ndi fomu yoti uionenso

Madala Gondwe: Ine ndakhala ndikungowerenga. Anyamata inu zonsezi zikubwera chifukwa munasiya kulowetsa kawiri. Nthawi yathu fomu iliyonse imalowetsedwa ndi anthu awiri osaonana, kenako kompyuta imafananiza, pomwe asiyana mumatsegula pepala. M'mapulogalamu olowetsera deta monga CSPro ndi EpiData zimenezi zilimo. Panalibe za sampulo ndi kukangana kuti 2 kapena 3. Cholakwa chilichonse chimagwidwa.

Mayi Nachisale: Madala, kulowetsa kawiri ndi kwabwino zedi pa zala zoterereka, apo palibe wotsutsa, chifukwa nkovuta kuti anthu awiri aphonye malo amodzi mofanana. Koma kunena kuti chilichonse chimagwidwa ndiye ayi. Onse awiri akawerenga 1 wolembedwa mopindika ngati 7, kapena onse awiri akaphunzitsidwa kuti posalembedwa aziika 0, afanana ndipo kompyuta ikhala chete. Onse awiri akanalemba pa laputopu ya msuweni wa Tiya, madeti akanatembenuka chimodzimodzi. Komanso mtengo wake ndi kulipira ntchito yonse kawiri, mabungwe ambiri masiku ano safuna. Amene amaganiza bwino amalowetsa kawiri mabokosi ochepa okha ofunikitsitsa, nambala, deti, sikelo, enawo nkuwasiyira sampulo.

Madala Gondwe: Pa madetiwo ndavomera. Koma ndikanakhala ine mwini kafukufuku sindikanagona tulo podziwa kuti mafomu 520 palibe wachiwiri wawaona.

Tiya: Ndabwera. Pa mafomu 50 aja TRUE yatuluka pa 19. Imodzi ndi 05/05 nde olo itembenuke ndi chimodzimodzi. 18 enawo onse atembenukadi, kuphatikizapo awiri anapezedwa aja

Mayi Nachisale: Waona tsono. Sampulo inaloza cha m'ma 22, iwe wapeza 18 a madeti okha, kuwonjezapo ija ya 0. Sinaphonye patali. Ndipo masamu ake akumveka, masiku 1 mpaka 12 ndi pafupifupi magawo awiri pa asanu a mwezi, pa mafomu 50 umayembekezera cha m'ma 20. Akanakhala kuti wowunika anangokonza awiri anawapezawo nkuidutsitsa bachi, ana 16 akanalowa mu lipoti ndi misinkhu yabodza. Nchifukwa chake bachi ikagwa sitimangokonza zopezekazo, zopezekazo ndi chizindikiro chabe cha zomwe zatsala mkati.

Achimwene a ku Ndirande: Chabwino apa zapezeka kuti vuto linalipo koma zomwe ndinanena zija zimachitika mayi, musakane. Ine ndinaona ndi maso wowunika akutenga mafomu apamwamba pa katoni chifukwa anali ndi ulesi wofukula pansi, wina amatenga a Lolemba okhaokha

Mayi Nachisale: Sindikukana achimwene, zimachitika ndipo zimawononga ntchito yonse. Manambala onse ndatchula aja amagwira pokhapokha fomu iliyonse ili ndi mwayi wofanana wotengedwa. Ogula chimanga pa msika sabaya thumba pamwamba pokha, amadziwa kuti chofumbwa chimaikidwa pansi. Wowunika wa Tiya akanatenga a Lolemba okha, za Lachitatu zija sakanaziona mpang'ono pomwe. Ngakhale njira ija yotenga fomu ya nambala 10 iliyonse ili ndi vuto lake, anthu akaizindikira amasamala pa ya 10, ya 20, ya 30, enawo nkumathamanga. Njira yabwino ndi maere a kompyuta. Mulembe mu Excel ndandanda wa manambala a mafomu onse, pambali pa nambala iliyonse muike izi

```
=RAND()
```

kenako kusanja potengera kolamu imeneyo nkutenga 80 oyambirira. Muzikopera kaye manambalawo nkuwamata ngati Values musanasanje chifukwa amasintha nthawi iliyonse mukagwira shiti. Ndipo ndandanda wa maerewo uzisungidwa, kuti wina ngati inu akadandaula kuti anandisankhira ovuta, ofesi itulutse umboni. Muli ndi ufulu wofunsa kuti sampulo inatengedwa bwanji.

Kusankha dala kulinso ndi malo ake, monga munthu watsopano kapena tsiku lomwe sisitimu inavuta, wowunika akhoza kupita kukafufuza pamenepo mwadala. Koma zomwe apeze kumeneko zisaphatikizidwe mu sikoo ya munthu ngati kuti zinachokera m'maere, chifukwa wakasaka pomwe amadziwa kale kuti pali vuto.

Tiya: Nde funso langa pano ndi ili. Poti madeti awiriwo gwero lake ndi limodzi, ndipo si ine ndinasankha kulemba mu Excel, sangawerengedwe ngati cholakwa chimodzi? Zikatero ndikhala ndi 2 ndipo bachi idutsa

Gift wa Deta: Ine ndikuona kuti ziyenera kutero. Kulakwa kunali kumodzi, seting'i ya laputopu. Kumulanga kawiri pa chinthu chimodzi si chilungamo

Mayi Nachisale: Apa tisiyanitse zinthu ziwiri zomwe maofesi ambiri amaziphatikiza, chigamulo cha bachi ndi sikoo ya munthu. Bachi siingadutse, Tiya, iwe wemwe wapeza kuti muli mafomu 18 olakwika, kaya gwero ndi limodzi kaya khumi mafomuwo ngolakwika basi. Koma pa sikoo yako, imene imakhudza malipiro kapena kontirakiti, ndikugwirizana ndi Gift kuti pali poyambira kudandaula. Ine ndikanalemba kuti vuto ndi la ndondomeko, chifukwa ofesi inauza anthu kulemba mu Excel osapereka fayilo yokonzedwa kale yokhala ndi tsiku, mwezi ndi chaka m'makolamu atatu osiyana. Ndipo ndikanaonanso mabachi a onse amene analemba mu Excel Lachitatu limenelo, kuphatikizapo mnzako wadutsa uja.

Madala Gondwe: Apo nde sindikuvomera mayi. Sisitimu itakana mizere yambirimbiri ija, pamenepo ndi pomwe kalaliki amayenera kuima nkufunsa kuti bwanji madeti ena akukanidwa ena akulowa. Chenjezo linabwera. Mukamachotsera anthu zoterezi mawa aliyense azidzati ndi makina.

Gift wa Deta: Madala munthu amene sanauzidwepo za madeti a chimereka angaganize bwanji zimenezo, iye anaona zokanidwa nkuzikonza, anachita zomwe amayenera

Madala Gondwe: Anakonza zomwe makina anamuuza. Ntchito yathu ndi kufananiza ndi pepala.

Mayi Nachisale: Nonse muli ndi mfundo ndipo ndaonapo maofesi akugamula mbali zonse ziwiri. Chofunika nchakuti zikhale zolembedwa ntchito isanayambe, osati kugamula munthu atagwa kale.

Chisomo K: Nanga ija ya 0 ija? Ine ndimaona ngati posalemba ndi 0 ndi chimodzimodzi, mwana sanadwale basi

Mayi Nachisale: Ayi Chisomo, 0 akutanthauza kuti mayi anafunsidwa nkuyankha kuti mwana sanadwale. Posalembedwa sitikudziwa, mwina wofunsa analumpha funso, mwina mayi sanakumbuke. Ukaika 0 wamuyankhira mayiyo, ndipo zikachuluka matenda aoneka ochepa kuposa mmene alili. Nchifukwa chake mafomu ambiri amakhala ndi kodi yakeyake ya posayankhidwa, ena 99 ena 9, ena amati ungosiya. Tiya buku lanu la malangizo likuti chani pa funso limenelo?

Tiya: Ndaliona, pa mafunso ena likunena kuti 99 koma pa funso limeneli silikunena kanthu. Pa tireningi anatiuza pakamwa kuti ngati funso lapamwamba lija loti mwana wadwalapo masabata awiri apitawa layankhidwa kuti ayi, apa tiziika 0. Pa fomu imeneyi lapamwambalo linali ayi

Mayi Nachisale: Aaa nde imeneyo ndi nkhani ina. Ngati lapamwamba ndi ayi, wofunsa anachita bwino kulumpha, ndipo 0 wakoyo sakusintha tanthauzo lililonse. Imeneyo ichitire apilu. Lemba nambala ya fomu, jambula mafunso onse awiri pamodzi, tchula tsamba la buku pomwe palibe langizo, ndipo upemphe kuti aione wowunika wina osati yemweyo. Usalembe zokwiya, ungoika umboni. Cholakwa ndi kusemphana ndi langizo lolembedwa, pomwe langizo palibe wowunika sangakudule chifukwa cha mmene iye amaonera.

Zoterezi zimaonetsanso kuti owunikawo sanakhale pansi kuyesana okhaokha. Kumene ndinkagwira timatenga mafomu omwewo, tinene 20, aliyense awunike payekha osaonera mnzake, kenako tifananize. Mumadabwa kupeza kuti fomu imodzi wina wati chachikulu, wina chaching'ono, wina palibe cholakwa. Pomwe mwasiyanapo ndi pomwe buku likufunika kuwonjezera mzere. Popanda zimenezo sikoo ya kalaliki imadalira kuti bachi yake yagwera kwa ndani.

Achimwene a ku Ndirande: Nde apilu ikatheka atsala ndi 2, bachi idutsa, pomwe tonse pano tikudziwa kuti muli 18 zowola. Nde tebulo lanulo mayi lathandiza chani?

Mayi Nachisale: Mwafunsa zoona achimwene. Pa pepala idutsadi, ndipo ndi umo ndinanenera kuti wa 3 pa 100 amadutsa kupitirira theka la maulendo, 18 pa 600 ndi 3 peresenti ndendende. Tebulo limathandiza pomwe sukudziwa zomwe zili mkati. Pano tikudziwa, nde 18 wo akonzedwe kaya apilu yatheka kaya ayi. Chomwe apilu ingasinthe ndi mbiri ya Tiya, ndipo si nkhani yaing'ono, chifukwa mu ndondomeko yomweyo mabachi 2 akagwa mwa 5 otsatizana umalowa pa kuunika kokhwima. Sampulo imakhalabe 80 koma malire a zazikulu amatsika, 1 idutsa 2 ibwerera, ndipo kuti ubwerere pa masiku onse pamafunika mabachi 5 otsatizana odutsa. Nde kugwa kumodzi kolembedwa pa dzina lako kumakuika pafupi ndi pamenepo.

Tiya: Ndiye ndiwauze ndekha za 18 zi kapena ndingokonza mwakachetechete poti bachi ili kale m'manja mwanga?

Gift wa Deta: Auze, logi imaonetsa chilichonse wasintha ndi nthawi yake, akadzaona wasintha madeti 16 amene iwo sanakuuze adzafunsa

Mayi Nachisale: Auze ndithu, ndipo ndi zomwe zikuthandize kupempha kuti usabwereze mafomu onse 600. Ulembe kuti gwero ndi ili, lakhudza mafomu a Lachitatu okha, ndandanda wake ndi uwu, ndakonza potengera pepala. Ukatero upemphe kuti pa 550 otsalawo atenge sampulo yatsopano ya maere, osati 80 akale aja chifukwa amenewo akonzedwa kale ndipo angotuluka oyera. Uonenso kolamu ya manambala a mafomu mu fayilo yomweyo, Excel imadya 0 wakutsogolo, 0417 imasanduka 417.

Tiya: Ndaona, manambala ali bwino, kolamu imeneyo inali pa Text. Supavaiza wayankha kuti za madeti wamva ndipo auza onse a Lachitatu atumize mafayilo awo. Za kubwereza 600 akuti lamulo ndi lamulo bachi yogwa imaonedwa yonse, koma akafunsa kwa akuluakulu. Apilu ya 0 ija akuti ndilembe pofika mawa 10 koloko

Madala Gondwe: Onani onse 600 mwana wanga, masiku awiri okha amenewo. Simudziwa china chomwe chili m'menemo.

Gift wa Deta: Masiku awiri osalipidwa madala, iwo amalipira pa fomu yatsopano

Chisomo K: Tiya udzatiuze za mnzako uja ngati naye madeti ake anatembenuka

Tiya: Iye analemba pa kompyuta ya mu ofesi ya batire ija, akuti aona mawa m'mawa. Mayi Nachisale ndikutumizirani kalata ya apiluyo ku inibokosi usiku uno muione kaye ndisanapereke